Atsibweni akufuna dzina lawo liyambe pa tsamba lothokoza

*Aphunzitsi, ndine wa ku Domwe, ndikumaliza maphunziro a zaulimi ku Ulongwe. Monogalafiya yanga ya chiwawu cha mbatatesi, buku la kafukufuku lomalizira maphunziro, yatha, kwatsala tsamba lothokoza. Atsibweni anga anagulitsa ng'ombe ziwiri kundilipirira pulopina ya sukulu bambo atamwalira, ndiye akuti dzina lawo liyambe. Pali supevizo wamkulu amene ndinaonana nawo katatu kokha, wachiwiri wawo amene anagwira nane ntchito yonse, bolusa yolipirira maphunziro yomwe ndinapeza chaka chachitatu, ndi bungwe lomwe linandipatsa mbewu ndi mankhwala opopera. Ndiyambe ndi ndani, ndipo ndilembe zotani?*

Mwana wathu, atsibweni anu akhoza kuyamba ndithu, ndipo palibe amene angadandaule, chifukwa m'buku lanulo muli masamba awiri amene ophunzira ambiri amawasokoneza. Loyamba ndi lija lamutu wakuti `Dedicatória`, pamene mumapereka ntchito yanu ngati mphatso kwa munthu mmodzi kapena awiri. Lachiwiri ndi la `Agradecimentos`, pamene mumathokoza onse amene anathandiza. Loperekalo limabwera patsogolo pa lothokoza. Lembani atsibweni pamenepo, pamodzi ndi malemu bambo anu ngati mtima wanu ukutero, mizere iwiri kapena itatu cha m'munsi kudzanja lamanja, pepala lonselo lili mbee. Munthu akamatsegula bukulo adzakumana ndi dzina lawo ali okha asanafike pa mawu anu othokoza aliyense. Ulemu umenewo ndi waukulu kuposa kukhala pa mzere woyamba wa tsamba lodzaza ndi mayina makumi awiri.

Musanalembe china chilichonse, pitani ku sekeletaliya ya fakulidade yanu mukapemphe malamulo a kalembedwe ka monogalafiya. Sukulu iliyonse ili ndi akeake, ndipo zimene amatsata anzanu a ku Politekiniku ya ku Tete kapena ku Yunivesite ya Pungwe sizingakhale ndendende ndi zanu. Kusiyanako kumakhala pa tinthu ngati pamene pakhale tsamba lolumbira kuti ntchitoyi ndi yanu, kapena ngati mndandanda wa zam'katimu ubwere masamba awiriwa asanafike kapena atadutsa. Ambiri mwa malamulowa amafanana ndi muyezo wa ku Brazil wotchedwa NBR 14724, umene umaika tsamba lopereka, kenako lothokoza, kenako mawu ogwidwa otsegulira, kenako chidule cha kafukufuku. Muyezo umenewo umanena kuti atatu oyambawo ndi osakakamiza. Choncho palibe amene adzakuchotsereni malikisi chifukwa cha tsamba lothokoza. Komabe ndakhala kambirimbiri pa juli, gulu la aphunzitsi loweruza monogalafiya, ndipo ndikuuzeni zoona: tsamba limeneli timaliwerenga tonse, nthawi zina tisanaone n'komwe mutu wa zotsatira.

Likhale tsamba limodzi. Pa pepala la A4, zilembo za saizi 12 ndi mpata wa 1,5 pakati pa mizere, mawu 250 mpaka 300 amakwana bwinobwino ndi mutu womwe. Likasefukira tsamba lachiwiri, ndiye kuti mwayamba kuwerenga kaundula wa mudzi.

Dongosolo limene ndimalangiza ophunzira anga limachokera pa funso limodzi: dzanja la munthuyu lili pafupi bwanji ndi ntchito yomwe ili m'bukumu? Amene anakhudza kafukufuku yemweyo amayamba. Amatsatira amene anatsegula zitseko ndi kulipira. Omaliza amakhala amene anasunga moyo wanu kuti mufike pomwe mwafikapa. Kwathu kuno dongosolo limeneli limaoneka ngati lazondoka, chifukwa pamaliro kapena pachinkhoswe timayamba kulonjera akuluakulu a banja. Koma kumbukiraninso kuti pamsonkhano wa m'mudzi amfumu amalankhula pomaliza, onse atatha. Ndime yomaliza ya tsamba lothokoza ndi imene wowerenga amaimapo, ndipo ndi yokhayo imene mumaloledwa kulankhula ndi mtima wonse.

Za Mulungu sindikuletsani. Ku Mozambiki kuno monogalafiya zambiri zimayamba ndi kuthokoza Mulungu chifukwa cha moyo ndi thanzi, ndipo palibe wa juli amene amadabwa nazo. Ngati ndinu wopemphera, lembani chiganizo chimodzi pamwamba penipeni, mupitirire. Ngati simukufuna, siyani, palibe lamulo. Chimene chimatopetsa ndi ndime yathunthu ya ulaliki pomwe woyang'anira ntchito akudikira m'munsi.

Tsopano nkhani yanu yovuta, ya oyang'anira awiriwo. Pakati pa anthu onse a pa tsambali, woyamba ndi supevizo wamkulu, ngakhale munaonana nawo katatu kokha. Dzina lawo lili pa tsamba lachiwiri la bukulo, ndiwo anasaina kuti ntchitoyi yafika poti ikaweruzidwe, ndipo pa tsiku la defeza, pamene mudzateteze ntchito yanu pamaso pa juli, adzakhala patebulo kuyankha ntchitoyo ikapezeka ndi chilema. Mukaika wachiwiri wawo patsogolo, aliyense mu dipatimenti adzawerenga ngati chidzudzulo, ndipo amene mudzamuike m'mavuto ndi wachiwiri yemweyo, amene mawa adzakumana ndi mkulu wake pakhonde.

Izi sizikutanthauza kuti muname. Ophunzira ambiri amakopera chiganizo chomwe chija chakuti "chifukwa cha kuleza mtima, kudzipereka ndi kupezeka kwawo nthawi zonse", n'kuchipachika pa munthu amene sankayankha foni miyezi inayi. Onse odziwa amangomwetulira. Khalani pansi mukumbukire maulendo atatuwo, mufunse kuti chinatulukapo n'chiyani. Mwina ulendo woyamba anavomereza mutu wanu n'kuudula kuti usakhale wa chigawo chonse cha Tete koma wa Domwe yekha. Mwina ulendo womaliza anakuuzani kuti muchotse tebulo lina losafunikira. Lembani zimenezo, chiganizo chimodzi chaulemu ndi choona. Kenako wachiwiriyo mumupatse ziganizo ziwiri kapena zitatu zonena zimene anachita: anapita nanu kumunda mvula ikugwa, anakuphunzitsani kuyeza kuchuluka kwa masamba ogwidwa ndi chiwawu, anawerenga zolemba zanu kanayi. Mpando woyamba wapita kwa mwini wake, koma wowerenga aliyense wanzeru adzaona yekha amene anatuluka thukuta, inu osanyoza munthu.

Njira yomweyi mugwiritse ntchito pa tsamba lonse. Dzina lililonse libwere ndi chinthu chimene mwini wake anachita, chinthu choti munthu angachione ndi maso. Mukapeza kuti pali dzina lomwe simungathe kuliphatikiza ndi ntchito iliyonse, mwina malo ake ndi paphwando, osati m'buku.

Samalani kwambiri ndi maudindo olembedwa patsogolo pa dzina. Kuno timasiyanitsa, ndipo anthu amapwetekedwa nazo mtima kuposa momwe mungaganizire. Mphunzitsi amene ali ndi digiri ya udokotala amalembedwa `Prof. Doutor` kapena `Doutor`, mawu onse osadula, ndipo wamkazi `Prof.ª Doutora`. Wa digiri yachiwiri amalembedwa `Mestre`, ena amakonda `MSc` kumapeto kwa dzina. Chidule chija cha `dr.` cha chilembo chaching'ono timachigwiritsa ntchito kwa amene ali ndi digiri yoyamba, ndipo injiniya ndi `Eng.º` kapena `Eng.ª`. Mukalemba `dr.` kwa munthu amene anavutika zaka zinayi kapena zisanu kuti apeze udokotala, mwamutsitsa masitepe awiri. Ndinaonapo mtsikana wina atamanga kale mabuku ake atatu a chikuto cholimba, zilembo zagolide pamwamba, n'kupeza kuti walemba `Mestre` kwa munthu amene anali atalandira udokotala chaka chathacho. Anamasula onse atatu n'kulipiranso womanga mabuku, ndalama imene akanakwerera shapa kupita kwawo ndi kubwerako. Koperani dzina ndi udindo kuchokera pa kalata imene fakulidade inakupatsani yotchula oyang'anira anu, ndipo zikhale zofanana ndendende ndi zomwe zili pa tsamba lachiwiri. Mukakayika, funsani mwini wake. Palibe mphunzitsi amene amakwiya akafunsidwa kalembedwe ka dzina lake.

Pali anthu ena amene musawathokoze msanga: wapampando wa juli ndi wotsutsa wanu. Buku limene mukupereka panopa likupita kwa iwo kuti aliweruze, ndipo kuwathokoza asanawerenge kumamveka ngati nkhuku yoperekedwa mlandu usanazengedwe. Ngati pa defeza wotsutsayo atakupatseni malangizo amene asinthe ntchito yanu, mukhoza kuwonjezera chiganizo chimodzi m'buku lomaliza lomwe mukapereke mutakonza.

Oyang'anira akatha, pamabwera amene anagwira nanu ntchito ya manja ndi amene anakutsegulirani njira. Awa ndi amene amaiwalika kawirikawiri: wa mu labotale amene anakuyezerani dothi, mlangizi wa zaulimi amene anakukwezani pa njinga yamoto kukakuonetsani minda, ofesi ya boma ya zachuma ndi ulimi pa disitiritu, ija timangoti SDAE, imene inadinda kalata yanu ya chilolezo. Ofesi muitchule ndi dzina lake lonse, kenako munthu amene anakuthandizani mmenemo ngati wavomera kutchulidwa. Anzanu a m'kalasi nawo malo awo ndi pano ngati anakhudza ntchitoyo, monga amene anakuthandizani kukumba ndi kuyeza mbatatesi pa sikelo tsiku lokolola. Amene munkangodya nawo nsima ku hositelo akwane m'mawu amodzi akuti "anzanga a m'kalasi".

Alimi amene munagwira ntchito m'minda yawo ndi nkhani ina, ndipo apa mtima wabwino umatha kulakwitsa. Tsegulani mutu wanu wa njira za kafukufuku muone zimene munalonjeza. Ngati munawauza kuti mayina awo sadzatuluka, ndipo m'matebulo mwawalemba kuti Mlimi 1, Mlimi 2, ndiye simungawatchule mayina pa tsamba lothokoza. Tinene kuti munali ndi alimi anayi, ndipo tebulo lanu likuonetsa kuti Mlimi 3 amathira mankhwala mopyola muyezo ndiponso sasamba m'manja akatha kupopera. Mukalemba mayina anayi kutsogolo kwa buku, aliyense wa ku Domwe amene angaliwerenge sadzavutika kuloza chala. Ngakhale kutchula amfumu ndi dzina kumaulula mudzi umene munaubisa. Athokozeni ngati gulu: "alimi amene anandilola kulowa m'minda yawo ndi amfumu amene anandilandira". Anzanu a zaumoyo amachidziwa bwino chimenechi chifukwa kafukufuku wawo amadutsa ku komiti yoona za ufulu wa odwala asanayambe, koma lonjezo limene munapereka pansi pa mtengo wa mango ndi lonjezo lomwelo. Ngati simunalonjeze zobisa, ndipo mlimi wina anangokubwerekani munda woyeserapo, mufunseni, akavomera mulembeni. Ambiri amasangalala.

Tifike kwa opereka ndalama. Ndime imeneyi ndi yosiyana ndi zina zonse, chifukwa zinazo mumalemba mwa kufuna kwanu, pomwe iyi nthawi zambiri munaisainira. Pezani pangano la bolusa yanu ndi kalata iliyonse imene munalemberana ndi bungwe lija, muwerenge mzere ndi mzere. Mabungwe ambiri othandiza kafukufuku amalemba m'pangano kuti chilichonse chosindikizidwa kuchokera pa thandizo lawo chiwatchule, ndipo ena amapereka chiganizo chawochawo choti mukopere osasintha, pamodzi ndi nambala ya pulojekiti. Ngati chilipo, koperani mmene chilili, ngakhale chikumveka chouma pakati pa mawu anu. Nambalayo ndi imene iwo amagwiritsa ntchito pochitira lipoti kwa amene anawapatsa ndalamazo, ndipo ikasowa, supevizo wanu ndi amene amafunsidwa, nthawi zina wophunzira wa chaka chamawa n'kumanidwa thandizo. Ngati sanakupatseni chiganizo, ichi chimagwira ntchito:

```
Este trabalho contou com o apoio de [nome completo da instituição],
no âmbito do projecto [título], contrato n.º [número].
```

Inu muli ndi othandiza awiri a mitundu yosiyana, ndipo musawaphatikize m'chiganizo chimodzi. Bolusa inalipira maphunziro anu kuyambira chaka chachitatu. Nenani zimenezo momveka, kuti inali ya maphunziro ndi zaka zomwe inakhudza. Ngati ndi ya boma kudzera ku `Instituto de Bolsas de Estudo`, lembani dzina lonselo, osati chidule chokha. Ngati ndi ya yunivesite yomweyo kapena ya mpingo, teroni. Sikuti inalipira kafukufukuyu ayi, ndipo mukalemba ngati inatero mwasokoneza mbiri. Ndalama za kafukufuku weniweni zimachokera kwina, monga ku `Fundo Nacional de Investigação`, ndipo zimenezo ndi zimene zimabwera ndi manambala a mapulojekiti.

Bungwe la mbewu ndi mankhwala lija ndi limene ndikufuna muliganizire kwambiri. Kafukufuku wanu ndi wa chiwawu. Ngati mankhwala amene munapatsidwa ndi omwewo amene mukuyesa mphamvu yake, ndipo zotsatira zanu zikuti amagwira bwino ntchito, wowerenga ali ndi ufulu wodziwa kuti anachokera kwa ndani, makamaka ngati woperekayo amagulitsanso mankhwalawo kapena mbewuyo. Kulandira thandizo lotere si mlandu. Mlandu umabwera pamene wotsutsa wanu azitulukira yekha pa tsiku la defeza. Choncho nenani zenizeni zimene munalandira, mbewu ya mitundu ingati ndi mankhwala anji, ndipo ngati ndi zoona, onjezani kuti bungwelo silinatenge mbali pa kusanthula zotsatira kapena kulemba. Ngati anaona zolemba zanu zisanaperekedwe n'kupempha kusintha kanthu, musalembe chiganizo chimenecho, ndipo supevizo wanu adziwe. Mubwerezenso gwero la mbewu ndi mankhwalawo m'mutu wa njira za kafukufuku, chifukwa munthu amene adzagwiritse ntchito zotsatira zanu mwina sadzatsegula tsamba lothokoza. Mawu otamanda bungwe, akuti ndi lotsogola pa chitukuko cha alimi, asiyeni. Chizindikiro chawo musachiike pa chikuto pokhapokha ngati pangano likufuna ndipo fakulidade yalola. Kuchuluka kwa ndalama sikulembedwa.

Mwina mukufunsa mumtima kuti, nanga atsibweni si opereka ndalama? Ng'ombe ziwiri zimaposa mbewu ndi mankhwala kutalitali. N'zoona. Koma ndime ya opereka ndalama ndi ya mabungwe amene thandizo lawo liyenera kudziwika poyera kuti anthu aweruze kafukufukuyo. Atsibweni alibe gawo pa zotsatira za chiwawu. Kuwaika pakati pa bolusa ndi bungwe kuli ngati kuwapatsa lisiti, pomwe iwo anachita zimene mwinimbumba amachita kwa mwana wa mlongo wake. Malo awo ndi m'ndime ya banja, kuwonjezera pa tsamba lopereka lija, ndiye kuti atchulidwa kawiri. Za ng'ombezo mukhoza kuzitchula, koma muwafunse kaye. Ena amanyadira, ena safuna kuti ana awo obereka adzawerenge kuti khola linachepa chifukwa cha mwana wa mlongo.

M'ndime ya banja tsatani ulemu wa kwanu: makolo ndi amene anakulerani, kenako atsibweni ndi akuluakulu ena, kenako abale anu kuyambira wamkulu, kenako mkazi kapena mwamuna ndi ana ngati alipo. Ena amasunga mkazi kapena mwamuna kuti akhale womaliza penipeni, nazonso n'zabwino. Kwa malemu bambo anu, chizolowezi ndi kulemba dzina lawo kenako `in memoriam` mopendeketsa zilembo. Ngati bambo anali ndi mitala, kapena pali mayi okupezani, ganizirani bwino musanayambe kutchula abale mmodzimmodzi. Mukatchula asanu n'kusiya wachisanu ndi chimodzi, nkhaniyo idzatuluka pamaliro zaka khumi zikubwerazi. Mukaona kuti simungathe onse, lembani "abale anga onse" basi, n'kutchula yekhayo amene anachita chinthu chapadera pamodzi ndi chimene anachitacho.

Chipwitikizi chili ndi msampha pa ubale, ndipo ine ndinagwamo. Mayi anga atamwalira ndinaleredwa ndi mng'ono wawo, amene kwa ine anali amayi basi, mawu akuti aang'ono sindinkawatchula n'komwe. M'monogalafiya yanga ndinalemba `à minha tia`, chifukwa ndi mmene Chipwitikizi chimatchulira. Tsiku la phwando msuweni wanga anaimirira kuwerenga tsambalo n'kumamasulira m'Chichewa, ndipo atafika pamenepo anati "azakhali anga". Amayi anatembenuka kufunafuna azakhaliwo. Atazindikira kuti akunena iwo, anangoweramitsa mutu n'kumakonza chitenje pamaondo. Sanandifunsepo mpaka lero. Mawu amodzi a `tio` amanyamula atsibweni, bambo aang'ono, bambo aakulu, ngakhale mwamuna wa azakhali, ndipo `tia` chimodzimodzi. Ndiye musasiye mawu amenewo ali okha. Onjezani kuti ndi mlongo wa mayi anu amene anatenga udindo wa bambo. Kapenanso, zimene ndimakonda kwambiri, tsekani ndimeyo ndi chiganizo chimodzi cha m'Chichewa cholunjika kwa iwo. Ophunzira anga angapo anatero ndipo juli silinadandaule. Ingoonani kuti malamulo a fakulidade yanu sakuletsa, ndipo mupendeketse zilembo zake.

Kalembedwe ka mayina nakonso kamavuta kwathu kuno chifukwa tili ndi njira ziwiri. Dzina limene ife timalemba ndi ny, pa chitupa limalembedwa ndi nh. Pamene timalemba k, iwo amalemba c kapena qu, monganso Domwe ndi Ulongwe amakhala `Dómuè` ndi `Ulónguè` pa mapepala a boma. Kwa aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'maofesi tsatani za pa chitupa. Kwa achibale funsani mmene iwo amafunira, ndipo akuluakulu ena amasangalala kuona mfunda wawo utalembedwa, chifukwa ndi umene amaitanidwa nawo mwaulemu.

Za chibwenzi ndingonena pang'ono. Buku limeneli lidzakhala mu laibulale, ndipo masukulu ambiri masiku ano amaika monogalafiya pa intaneti pomwe aliyense angaziwerenge. Ngati ankhoswe sanadziwane, ine ndikanasiya dzinalo.

Nachi chitsanzo cha tsamba lanu, m'Chichewa kuti muone mafupa ake. Mudzaliike nokha m'Chipwitikizi ndi mawu anu, ndipo zimene ndangoyerekeza muzisinthe ndi zoona zake.

*Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha moyo ndi mphamvu.*

*Ndikuthokoza supevizo wanga, a Uje, amene anavomereza mutu wa kafukufukuyu n'kundithandiza kuuchepetsa kuti ukwanike m'nyengo imodzi ya mvula. Kwa wachiwiri wawo, a Ujeni, ngongole yanga ndi yaikulu: anayenda nane m'minda yonse, anandiphunzitsa kuyeza chiwawu pamasamba, ndipo anawerenga mutu uliwonse kangapo.*

*Ndikuthokoza ogwira ntchito mu labotale ya fakulidade chifukwa choyeza dothi, ofesi ya zachuma ndi ulimi ya disitiritu ya Angoniya chifukwa cha chilolezo, mlangizi amene anandifikitsa kwa alimi, ndi anzanga atatu amene anathandiza kukolola ndi kuyeza. Alimi amene anandilola m'minda yawo sindikuwatchula mayina monga tinapanganirana, koma popanda iwo bukuli kukanakhala kulibe.*

*Maphunziro anga a chaka chachitatu ndi chachinayi analipiridwa ndi bolusa ya bungwe lakutilakuti. Mbewu ndi mankhwala opopera zinaperekedwa ndi bungwe lakutilakuti, lomwe silinatenge mbali pa kusanthula zotsatira.*

*Pomaliza, kwa malemu bambo anga, amene anayamba kundiphunzitsa kulima mbatatesi, kwa amayi, kwa atsibweni anga, mlongo wa amayi, amene ananyamula sukulu yanga pamene bambo anatisiya, ndi kwa abale anga onse. Atsibweni, zikomo, musatope ndi mawa lomwe.*

Onani kuti ndime ya ndalama ilibe mawu okometsera ngakhale amodzi, ndipo mawu a mumtima ndawasungira kumapeto. Onaninso kuti mulibe chiganizo chija chakuti "ndi onse amene anathandiza mwachindunji kapena mwanjira ina". Chimapezeka pafupifupi m'monogalafiya iliyonse ya m'dziko muno. Sichilakwa, ndipo ngati mukuopa kuti mwaiwala wina chiikeni, koma chibwere ndime ya banja isanafike kuti tsamba lisathere pa mawu obwereka. Tsamba lino ndi limodzi mwa malo ochepa m'buku lonse pamene mumaloledwa kunena kuti "ine", ngakhale mitu inayo munailemba mosadzitchula.

Chinthu china chimene ndimachiona chaka ndi chaka: wophunzira amatenga monogalafiya ya mnzake wa chaka chatha, n'kukopera tsamba lothokoza lonse, n'kungosintha mayina. Zimadziwika msanga. Wina anasiya "mwamuna wanga wokondedwa" m'buku lake ali mnyamata wosakwatira, ndipo wapampando wa juli anayamba ndi funso limenelo. Mnyamatayo sanapezenso mpweya mpaka defeza inatha.

Mukamaliza kulemba, tumizani tsambalo kwa supevizo wachiwiri uja aone mayina, maudindo ndi ndime ya ndalama. Ndime ya bungwe la mbewu muitumizenso kwa amene munkalankhula naye kumeneko, ayankhe molemba kuti dzina la bungwe lili bwino, yankholo mulisunge. Musamange chikuto cholimba defeza isanachitike, chifukwa pafupifupi aliyense amabwezedwa kukakonza kanthu, ndipo nthawi imeneyo ndi mwayi wanu womaliza wowonjezera amene munamuiwala. Atsibweni musawafotokozere dongosololi pa foni. Sindikizani masamba awiriwo, mukwere nawo kupita ku Domwe, muwaonetse loperekalo poyamba, kenako muwawerengere ndime yomaliza ya lothokoza m'Chichewa inu mwini, msuweni wina asanakumasulireni.